Chaji yotsika si umboni woti mwatumiza motchipa

Pakutha pa mwezi, Amalawi ambiri ogwira ntchito ku Joni amatumiza kangachepe kumudzi kudzera m'makampani monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa. Funso lomwe ambiri amafunsa ndi limodzi: chaji ndi zingati? Funsoli ndi labwino, koma silikwanira, chifukwa wotumiza amalipira pawiri. Chaji imalembedwa poyera pa lisiti. Malipiro achiwiri amabisala mu reti, mtengo womwe kampaniyo imasinthira marandi anu kukhala makwacha.

Pamsika wa ndalama pamakhala mtengo womwe mabanki amagulira randi ndi wina womwe amagulitsira, ndipo pakati pa iwiriyi pali reti yapakati. Kampani yotumiza ndalama nthawi zambiri imakupatsani reti yotsikirapo kuposa yapakatiyo, ndipo kusiyanako ndi phindu lake. Kupeza phindu si mlandu, nawonso ali pa bizinesi. Chomwe sichindisangalatsa n'chakuti ndalama imeneyi siitchulidwa ngati malipiro, moti munthu amachoka pakauntala akuganiza kuti watumiza mwaulere.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, osavuta kuwerengera. Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ali ndi R2,000 yoti atumizire amayi ake ku Mzimba, ndipo tsikulo reti yapakati ndi K100 pa randi imodzi. Pakanapanda kudulidwa kalikonse, kumudzi kukanafika K200,000.

Kampani yoyamba ikudula chaji ya R100, n'kusintha R1,900 yotsalayo pa K99. Kumudzi kufika K188,100. Yachiwiri ikulengeza kuti kutumiza ndi kwaulere, koma reti yake ndi K92, choncho R2,000 yonse ikubala K184,000. Yoyamba yadya K11,900, pafupifupi 6 pa 100 iliyonse. Yaulere ija yadya K16,000, yomwe ndi 8 pa 100 iliyonse. Kusiyana kwa K4,100 kungaoneke kochepa, koma mayiyu akamatumiza mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka amayi ake amakhala ataluza K49,200.

Izi sizitanthauza kuti kampani yoyamba ndiyo yabwino nthawi zonse. Mwezi wina zinthu zavuta, mayiyu wangopeza R500. Ngati chaji ija ya R100 siisintha, kwatsala R400, ndipo kumudzi kufika K39,600. Ku kampani yachiwiri kufika K46,000. Apa zatembenuka. Chaji yosasintha imapweteka kwambiri wotumiza zochepa, pomwe reti yotsika imaluma kwambiri ndalama zikachuluka. N'chifukwa chake kampani yomwe mnzanu wa kuntchito amaitama ikhoza kukhala yodula kwa inu.

Ku Malawi kuli vuto lina. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, reti yovomerezeka ndi banki yaikulu imasiyana ndi yomwe imamveka mumsewu, ndipo ngakhale kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, kusiyanako sikudathe. Choncho reti yomwe mwaiona pa intaneti ikhoza kukusokeretsani. Kusiyana komweku ndiko kumakokera ena kwa anthu osintha ndalama mwachinsinsi kapena kupatsira wa basi. Kumeneko kulibe lisiti, ndipo ndalama ikasowa mulibe kokadandaula.

Muyeso wosanama ndi uwu: ndikatulutsa marandi akutiakuti m'thumba, zonse pamodzi, wolandira agwira makwacha angati m'manja? Mawu akuti zonse pamodzi ndi ofunika, chifukwa makampani ena amadula chaji pa ndalama yomwe mwapereka, ena amaiwonjezera pamwamba. Ngati wina akufuna R2,100 kuti atumize R2,000, musamuyerekeze ndi wolandira R2,000 yokha. Funsaninso makampaniwo tsiku limodzi, popeza reti imasintha kawirikawiri. Ndipo ndalama ikalowa mu Airtel Money kapena Mpamba, kumbukirani kuti pokatapa kwa ejenti pamadulidwanso ina. Nayonso ichotseni musanagamule.

Banki ya Dziko Lonse, yomwe yakhala ikutsata mitengoyi kuyambira 2008, imawerengera chaji ndi phindu la pa reti pamodzi. Kawerengedwe kake kakhala kakuonetsa kuti kutumiza ndalama kumaiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiko kodula kuposa kwina kulikonse, komanso kuti South Africa ndi limodzi mwa maiko omwe kutumiza ndalama kuchokerako n'kodula kwambiri. Mu 2015 maiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa 3 pa 100 iliyonse. Sitinafikeko.

Mwezi uno, musanapereke ndalama, funsani makampani awiri kapena atatu kuti kumudzi kufika zingati, mulembe papepala, musankhe komwe nambalayo yakula.