Foni, nthawi yofikira pakhomo ndi mwana wa zaka 16

Mwana wa zaka 16 ali pakatikati. Boma limamupatsa chiphaso cha unzika pa msinkhu umenewu, koma malamulo aakulu a dziko la Malawi, chiwasinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 akadali mwana. Mikangano yambiri ya pakhomo imayambira pamenepa.

Kodi kholo lizifufuza m'foni ya mwana mwamseri?

Phindu lake n'lochepa. Pa WhatsApp pali Disappearing messages, yomwe imafufuta mauthenga pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo mwana akazindikira kuti akumuzonda amangosamukira pa foni ya mnzake. Chimene sichibisika ndi ndalama. Mtsikana wa Fomu 3 amene makolo amamugulira bandulo ya sabata imodzi koma ali pa intaneti mwezi wathunthu, ndiye kuti pali wina akumulipirira. N'chimodzimodzi akabwera ndi foni yatsopano n'kumati "wandibwereka mnzanga". Kwa mnyamata, ndalama zotuluka pafupipafupi pa Airtel Money kapena Mpamba zikhoza kukhala za kubetcha mpira. Zikatero kholo lili ndi chifukwa chomveka chotsegulira foniyo, koma mwini wake ali pomwepo, atauzidwa chimene chikufunidwa.

Nanga usiku foni izigona kuti?

Pabalaza, pa chaja, kuyambira 9 koloko. Akatswiri a za tulo amati wachinyamata wa msinkhuwu amafunika maola 8 mpaka 10. Lamuloli limavuta pamene bambo eni ake akumveka akuseka mavidiyo kuchipinda mpaka pakati pa usiku.

Azifika pakhomo nthawi yanji?

Mawu akuti "usachedwe" sathandiza, chifukwa aliyense amawamva mwa iye yekha. Pafunika ola lenileni, lotengera mdima ndi mayendedwe. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, choncho mwana amene amatuluka ku maphunziro apadera 5 koloko n'kukwera minibasi ya mphindi 40 akhoza kupatsidwa 6 koloko. Minibasi ikachedwa kudzaza, aimbe kapena aflashe nthawiyo isanakwane. Amene waimba 5:45 wasunga pangano ngakhale afike 6:30, koma wongotulukira 6:30 ali chete waliphwanya.

Akaphwanya, alandidwe foni?

Chilango chigwirizane ndi mlandu. Wochedwa osanena asapite kokacheza Loweruka lotsatira, ndipo akasunga nthawi mwezi wonse amuwonjezere theka la ola. Kulanda foni kuli ndi vuto lake: mwana amene wina akumuopseza kuti afalitsa zithunzi zake amakhala chete poopa kulandidwa. N'chifukwa chake makolo amuuziretu kuti akaulula yekha nkhani yotere salangidwa. Mauthenga oopsezawo asafufutidwe, chifukwa ndiwo umboni kupolisi, ndipo nambala yaulere ya 116 imalandira nkhani za ana zoterezi.