Matebulo kapena madokyumenti: kodi katundu wa m'golosale asungidwe motani m'kompyuta?

Mwini golosale akatopa ndi kuwerenga sitoko m'buku, amaitana wachinyamata wodziwa kulemba mapulogalamu kuti amupangire kapulogalamu kosungira katundu. Wolembayo asanayambe ntchito amayenera kusankha detabesi, kutanthauza malo amene pulogalamu imasungamo zonse zimene yauzidwa. Mwini shopu nthawi zambiri safunsidwa n'komwe, chonsecho chisankho chimenechi ndi chimene chidzachititse kuti pakatha zaka zitatu manambala ake adzakhale odalirika kapena osokonekera.

Mitundu imene imapikisana kwambiri ndi iwiri. Woyamba ndi wa matebulo, umene akatswiri amautchula kuti rileshono. Anauyambitsa ndi Edgar Codd wa ku kampani ya IBM mu 1970, ndipo SQLite, MySQL ndi PostgreSQL ndi a m'banja limeneli. Wachiwiri ndi wa madokyumenti, ndipo wodziwika kwambiri ndi MongoDB, amene anatuluka mu 2009.

Kusiyana kwake kumamveka msanga tikayang'ana zimene zili kale pakauntala. Detabesi ya madokyumenti imafanana ndi mulu wa marisiti: pepala lililonse lili ndi nkhani yake yonse, dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo. Ya matebulo imafanana ndi mabuku angapo olozerana: buku la katundu, buku la malonda, buku la angongole. Shuga amalembedwa kamodzi kokha m'buku la katundu n'kupatsidwa nambala, ndipo mabuku enawo amangotchula nambalayo.

Tiyerekeze golosale ya katundu wamitundu 400. Kasitomala wagula mapaketi atatu a shuga pa K3,000 iliyonse. M'detabesi ya madokyumenti malonda amenewa angalembedwe chonchi:

```json
{ "risiti": 901,
  "zogula": [
    { "dzina": "Shuga 1kg", "kuchuluka": 3, "mtengo": 3000 }
  ] }
```

Ngakhale munthu wosaphunzira zakompyuta akhoza kuwerenga zimenezi. Wolemba pulogalamu safunika kukonzeratu chilichonse. Amangotenga risiti n'kuiponyamo. Mawa mwini shopu akanena kuti pa risiti pazionekanso dzina la wogulitsa, amangowonjezera mzere umodzi basi. N'chifukwa chake achinyamata ambiri amaikonda, ndipo pa sabata yoyamba amakhala akunena zoona kuti ndi yosavuta.

Matebulo amafuna kuti munthu ayambe wakhala pansi n'kuganiza. Pamafunika tebulo la katundu, tebulo la marisiti, ndi lachitatu la mizere ya pa risiti, loti mzere uliwonse uzinena kuti risiti yakuti ili ndi katundu nambala yakuti, wochuluka chonchi, pa mtengo wakuti. Ntchito yokonzekerayi ingadye tsiku limodzi kapena awiri. Funso n'lakuti masiku amenewo amagula chiyani.

Choyamba amagula mtendere pa nthawi yogulitsa. Kugulitsa shuga uja si chinthu chimodzi ayi, ndi ziwiri: kulemba malonda, ndi kuchotsa mapaketi atatu pa sitoko. Ngati magetsi athima choyamba chitachitika koma chachiwiri chisanachitike, kompyuta idzanena kuti pashelefu pali mapaketi 50 pamene alipo 47. Pakutha pa mwezi mwini shopu adzayamba kukayikira wantchito amene sanabe kanthu, ndipo zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa munthu akhoza kuchotsedwa ntchito kaamba ka pulogalamu yolembedwa mosasamala. Detabesi ya matebulo imamanga ntchito ziwirizi pamodzi:

```sql
BEGIN;
INSERT INTO mizere (risiti, katundu, kuchuluka, mtengo)
  VALUES (901, 12, 3, 3000);
UPDATE katundu SET otsala = otsala - 3 WHERE nambala = 12;
COMMIT;
```

Zonse zili pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT` zimachitika pamodzi, apo ayi zonse zimalephereka pamodzi. Palibe zotsalira panjira. MongoDB nayenso anayamba kutha kumanga madokyumenti angapo motere mu 2018, pamene anatulutsa mtundu wa 4.0, koma kuti zitheke seva imayenera kukonzedwa mwapadera monga gulu la maseva okoperana, ndipo wolemba pulogalamu ayenera kukumbukira kuzigwiritsa ntchito. Kusavuta kuja kwayamba kale kuchepa.

Onani kuti mtengo wa 3000 walembedwa pa mzere wa risiti ngakhale kuti tebulo la katundu lili ndi mtengo wake. Izi n'zadala. Shuga akadzakwera kufika pa K3,500, marisiti akale ayenera kusungabe mtengo umene kasitomala analipira tsiku limenelo. Ongoyamba kumene ambiri amaiwala zimenezi, ndipo chizindikiro chake n'chakuti ndalama za malonda a mwezi watha zimasintha zokha mukangosintha mtengo lero.

Chachiwiri, masiku aja amagula malamulo amene detabesi yeniyeniyo imalondera. Mukhoza kuiuza kuti sitoko isatsike kupitirira ziro polemba `CHECK (otsala >= 0)`, komanso kuti isalole mzere wotchula katundu amene kulibe m'tebulo la katundu. Pa SQLite lamulo lachiwirili limakhala lozimitsa mpaka pulogalamu italiyatsa ndi `PRAGMA foreign_keys = ON;` nthawi iliyonse ikamalumikizana ndi detabesi, ndiye ndi bwino kumufunsa wolemba pulogalamu ngati anachita zimenezo.

Kumbali ya madokyumenti, ufulu uja umadzasanduka vuto pang'onopang'ono. Risiti ina imati "Shuga 1kg", ina "Shuga 1 kg", ina "Suga", ndipo lipoti la pamwezi limaonetsa katundu mmodzi ngati atatu. Pena mtengo unalembedwa ngati nambala, pena ngati mawu, ndiye powonkhetsa ina imadumphidwa popanda chenjezo. Wodziwa bwino ntchito akhoza kupewa zonsezi. Akhoza kuika nambala ya katundu m'risiti iliyonse, ndipo MongoDB ali ndi njira yoikira malamulo a kaonekedwe ka dokyumenti. Koma MongoDB sayang'ana yekha ngati nambala yolozera ku dokyumenti ina ikuloza chinthu chimene chilipodi. Ntchito imeneyo imatsalira wolemba pulogalamu, amene tsopano akumanga ndi manja zimene matebulo amapereka kale.

Tibwere ku nkhani ya kukula, imene anthu ambiri amaimva molakwika. Amamva kuti madetabesi a madokyumenti anapangidwa kuti azigawidwa pa makompyuta ambiri, ndiye amati asankhe amenewo poti bizinesi idzakula. Tiyeni tiwerengere. Golosale yogulitsa kwa makasitomala 200 pa tsiku, aliyense n'kugula zinthu zitatu, imalemba mizere 600 pa tsiku. Ikamatsegula masiku 300 pa chaka, mizereyo ndi 180,000. Pa zaka khumi ndi 1,800,000. Kwa detabesi iliyonse mwa amene tatchulawa, chimenechi n'chiwerengero chaching'ono, chokwana bwinobwino pa laputopu yakale. Shopu ya m'tauni kapena ya pamsika sidzafika pofuna makompyuta khumi.

Shopu ikamakula, chimene chimachuluka ndi mafunso. Mwini wake amafuna kudziwa kuti ndi katundu uti wakhala miyezi itatu osayenda, ndi holoselo iti imene imam'patsa phindu lalikulu, ndani ali ndi ngongole ndipo anatenga chiyani. Funso lililonse lotere limalumikiza zinthu ziwiri kapena zitatu: katundu, malonda, woodetsa, kasitomala. Kulumikiza kotereku ndiye ntchito imene chilankhulo cha SQL chinapangidwira, ndipo funso limene palibe analiganizira poyamba limayankhidwa ndi mizere yochepa. Dokyumenti imayankha msanga funso limene inakonzedwera, monga "ndionetse risiti 901", koma funso lodutsa m'marisiti onse limafuna ntchito yochulukirapo.

Mayeso aakulu amabwera tsiku limene mwini shopu watsegula nthambi yachiwiri. Kufikira tsikulo, nambala ya otsala inali chinthu cha shuga yekha. Tsopano shuga ali ndi nambala ziwiri, 47 kuno ndi 20 uko, ndipo mapaketi ena ali pagalimoto pakati pa mashopu awiriwa. M'matebulo mumawonjezera tebulo la nthambi ndi lina lolemba kayendedwe ka katundu: wabwera kuchokera kooda, wagulitsidwa, wasamutsidwa, wawonongeka. Sitoko imakhala chiwonkhetso cha mizere imeneyi, ndipo paketi ikasowa mukhoza kuitsata mpaka tsiku limene inasowera. M'madokyumenti wina amakopeka kuunjika mbiri yonseyi m'kati mwa dokyumenti ya shuga, koma dokyumenti imodzi ya MongoDB siloledwa kupitirira mamegabaiti 16, ndipo isanafike n'komwe pamenepo imakhala italemera. Mapeto ake amaigawa, n'kufika pa kamangidwe kofanana ndi matebulo komwe kaja.

Madokyumenti ali ndi malo awo, ndipo si aang'ono. Shopu ya hadiweya kapena ya zovala ili ndi katundu wosiyanasiyana: penti ali ndi mtundu ndi malita, nsapato zili ndi saizi, foni ili ndi nambala yakeyake. Kuika zonsezi m'tebulo limodzi kumasiya mipata yambiri yopanda kanthu. Komabe kuyambira mu 2014 PostgreSQL ali ndi `jsonb`, imene imalola kusunga kadokyumenti m'kati mwa tebulo, ndipo SQLite nayenso amatha kuwerenga JSON. Choncho ndalama ndi sitoko zikhoza kukhala m'matebulo, tsatanetsatane wa katundu n'kukhala m'kadokyumenti. Pamene madokyumenti amaposadi ndi pamene ogulitsa ali ndi mafoni angapo kumalo ovuta netiweki, chifukwa CouchDB ndi Firestore anapangidwa kuti foni izigwira ntchito popanda intaneti n'kudzagwirizana ndi anzake ikabwera. Ngakhale pamenepo, mafoni awiri osalumikizana akhoza kugulitsa thumba lomaliza la simenti kawiri, ndipo palibe detabesi imene ingaletse zimenezo. Mwini shopu ayenera kukhazikitsiratu chochita zikatero.

Kwa shopu ya kauntala imodzi, ine ndimalimbikitsa SQLite. Anailemba Richard Hipp mu 2000, ndi yaulere, sifuna seva kapena intaneti, ndipo ili kale m'mafoni a Android ndi iPhone. Detabesi yonse ndi failo imodzi, ndipo lamulo la `.backup` limapanga kope yoti muziisunga pa fulashi madzulo alionse, kutali ndi kompyuta ya m'shopu. Malire ake ndi akuti imalola wolemba mmodzi yekha pa nthawi imodzi, ndipo siyenera kugawidwa pa netiweki kuti makompyuta angapo azilemba m'failo imodzimodziyo. Makauntala akachuluka kapena nthambi ikatsegulidwa, mumasamukira ku PostgreSQL, ndipo matebulo ndi mafunso ambiri a SQL amasamuka nanu atangosinthidwa pang'ono.

Inu eni mashopu simufunika kuphunzira SQL kuti mudziteteze. Musanalipire, muuzeni wopanga pulogalamu kuti azimitse kompyuta pakati pa malonda inu mukuona, kenako muyerekezere marisiti ndi sitoko. Asinthe mtengo wa shuga, muone ngati lipoti la dzulo lakhalabe momwe linalili. Ayesenso kugulitsa katundu amene watha. Pulogalamu ikalephera chimodzi mwa zitatuzi, musailandire mpaka ataikonza.