Mwana akatsokomola kupitirira masabata anayi

Chifuwa cha chimfine chili ndi nthawi yake. Mwa ana ambiri chimatha pasanathe masabata atatu, ngakhale osamwa mankhwala. N'chifukwa chake madokotala a ana anaika malire pa masabata anayi: mwana wazaka 14 kapena kucheperapo akamatsokomola tsiku ndi tsiku kupitirira pamenepo, sitinenanso kuti ndi chimfine. Kwa akuluakulu malirewo ndi masabata 8, koma mapapo a mwana akukulabe, ndipo matenda ochedwa kupezeka amatha kuwaononga osadzachiranso.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi mwanayu wakhaladi akutsokomola osadukiza? Mwana wamng'ono amadwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pachaka, ndipo m'nyengo yozizira china chikangotha china chimabwera. Mayi akakumbukira bwino n'kunena kuti panali masiku ena pomwe mwana anali bwinobwino, nkhawa imachepa. Akati sipanadutse tsiku, dokotala ayenera kufufuza.

Tiyerekeze mtsikana wazaka zitatu amene watsokomola masabata 6. Wamwa kale amokisisilini wa masiku asanu kawiri, chifuwa n'kumangochepa pang'ono, kenaka n'kubwereranso. Dokotala wodziwa ntchito sathamangira kulemba mankhwala omwewo kachitatu. Amayamba wamvetsera mwanayo akutsokomola, chifukwa chofunika kudziwa n'chakuti chifuwacho n'chouma kapena cha makhololo. Ana aang'ono salavula makhololo, amameza, ndiye kufunsa mayi kuti "amatulutsa makhololo?" sikuthandiza kwenikweni. Khutu ndilo limasiyanitsa: chifuwa cha makhololo chimamveka cholemera, chosokosera m'kati.

Kenaka amatsegula buku la kusikelo. Mwanayo ankalemera makilogalamu 13 miyezi itatu yapitayo, lero akulemera 12. Mayi akuti thupi limatentha madzulo, ndipo mwana sakusewera ngati kale. Atafunsidwa ngati pakhomo pali wina wotsokomola, akuti ayi. Dokotala akufunsanso mwa njira ina: "Nanga chaka chathachi, munakhalapo ndi wodwala chifuwa, mayi?" Apo mayi akukumbukira agogo amene anadzakhala nawo miyezi iwiri, akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Yankho loyamba lija silinali bodza, funso ndilo linali lopapatiza.

Kuno kwathu chifuwa chachikulu chimakhala pamwamba pa mndandanda, ndipo sitidikira n'komwe masabata anayi: mwana akatsokomola masabata awiri, kuyezetsa kuyambe. Vuto ndi lakuti mwa ana tizilombo timakhala tochepa. Makina a GeneXpert amatha kuyeza madzi otengedwa m'mimba kapena chimbudzi cha mwana, koma akapanda kupeza kanthu sindiye kuti matendawo palibe. Dokotala amaphatikiza zonse, kuwonda, kutentha thupi, wodwala wapakhomo uja ndi chithunzi cha ekisireyi, n'kuyambitsa mankhwala ngati umboni wakwana. Mankhwalawo ndi a miyezi 6, ngakhale mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse linavomereza miyezi inayi kwa ana amene matenda awo sanafike poipa. Mwana wotere amayezedwanso kachilombo koyambitsa Edzi, chifukwa kamabweretsa matenda akeake a m'mapapo okhalitsa.

Tsopano tisinthe nkhaniyo pang'ono. Mtsikana yemweyo, chifuwa cha makhololo chomwecho, koma akudya, akusewera, sikelo ikukwera, pakhomo palibe wodwala, ndipo ekisireyi ndi yoyera. Apa pali matenda amene ambiri sitiwaganizira: mabakiteriya okhazikika m'timipope ta mpweya, osafika pa chibayo, koma osachoka. Mankhwala a masiku asanu amangowafooketsa, n'chifukwa chake chifuwa chimachepa n'kubwerera. Chofunika ndi masabata awiri athunthu, kawirikawiri a amokisisilini wophatikiza ndi kilavulaneti. Chifuwa chikatheratu, ndiye umboni wakuti anali matendawo. Chikapanda kutha amaonjezera masabata ena awiri, ndipo chikakanikabe mwana apite kwa katswiri, chifukwa mwina timipopeto tatanuka n'kumasunga mafinya. Nsonga za zala zikayamba kufufuma, zikhadabo n'kupindikira pansi, n'chizindikiro chakuti vuto la m'mapapo kapena la mtima lakhalitsa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ana ambiri amatayika: amazungulira m'magolosale ndi m'mafamase kugula mapiritsi ochepaochepa, pamene chinkafunika ndi mankhwala okwana kamodzi kokha, olembedwa ndi dokotala atamuyeza.

Pali funso lina limene siliyenera kuiwalika: chinayamba bwanji? Chifuwa choyamba mwadzidzidzi tsiku limodzi, mwana akudya mtedza kapena akuseweretsa chimanga ndi nyemba, n'kutsamwa, chimaloza ku chinthu cholowa m'njira ya mpweya. Zimachitika kwambiri kwa ana osakwana zaka zitatu. Akatsamwa amatha kukhala bwino kwa masiku angapo, makolo n'kuiwala. Dokotala akamvetsera amapeza mpweya ukulowa pang'ono mbali imodzi, kapena kamluzu kakulira mbali imodzi yokha. Njere ya mtedza sioneka pa ekisireyi, ndiye chithunzi choyera chisanamize munthu. Mwana wotere atumizidwe kuchipatala chachikulu kumene amalowetsa kachipangizo koonera m'kati n'kuchotsa njereyo.

Chifuwa chouma chili ndi mndandanda wake. Mphumu imabwera n'kupita, imakula usiku, m'mamawa kapena mwana akathamanga, ndipo m'chifuwa mumalira timiluzu mbali zonse ziwiri. Mwana akapopera salubutamo n'kupeza bwino m'mphindi zochepa, umboni umakula. Koma kutsokomola kokha, popanda kubanika kapena kulira kwa m'chifuwa, kawirikawiri si mphumu, ndipo mankhwala oyeserera akapanda kuthandiza pakatha mwezi ayenera kusiyidwa. Chifuwa chokoka mtima chimabwera motsatizana osapumira, mwana n'kufiira maso, kukoka mpweya mwaphokoso kapena kusanza, ndipo chimatha kukhala miyezi itatu. Dokotala amaona ngati katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 analandiridwa yense. Palinso chifuwa cha chizolowezi mwa ana a msinkhu wa kusukulu, chaphokoso masana onse koma chozimiririka akangogona.

Khanda limene lakhala likutsokomola chibadwire, kapena limene limatsamwa ndi kutuluka thukuta poyamwa, lili m'gulu lina. Pamenepo amaganizira mtima kapena njira ya mpweya ndi ya chakudya zimene sizinapangike bwino. Utsi wa nkhuni, wa mbaula ndi wa fodya umakulitsa chifuwa chilichonse, makamaka kwa mwana wokhala kumbuyo mayi akuphika, koma dokotala asauloze chala asanatsimikize kuti zina zija palibe.

Mankhwala amadzi ogulidwa kuti aletse kutsokomola sachiza ngakhale amodzi mwa matenda amenewa. Popita kuchipatala tengani buku la kusikelo ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwana wamwa, ndipo kumbukirani tsiku limene chifuwa chinayamba ndi aliyense wotsokomola amene anagonapo m'nyumbamo. Koma mwana akamapuma mothamanga, ka 50 kapena kuposa pa mphindi kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, kapena nthiti zikamalowa m'kati, akamalavula magazi kapena kulephera kuyamwa, musawerenge masabata. Pitani naye tsiku lomwelo.