Mnzanu wofedwa mumulembera chiyani pa tsiku lake lobadwa?

Chaka chatha zinali zosavuta. Munaika chithunzi cha mnzanu pa WhatsApp, n'kumufunsa mwanthabwala kuti keke tidyera kuti. Chaka chino tsiku lomwelo lafika patangotha miyezi iwiri chiikireni mayi ake m'manda. Ambiri zikatere amangokhala chete poopa kutosa chilonda. Ena amatumiza uthenga wa masiku onse uja, wodzaza mabaluni ndi tinkhope toseka, ngati palibe chachitika. Zonse ziwiri zimawawa, koma kwa ine kukhala chete ndiko kumawawa koposa.

Pa maliro anthu amadzaza. Amagona pa siwa, amaphika, amaimba, amapereka chipepeso. Pakatha masabata angapo aliyense wabwerera ku zake, ndipo namfedwa amayamba kumva kuti nyumba yakula. Tsiku lobadwa limamupeza m'nyengo imeneyi. Kwa amene wataya mayi, tsikuli ndi lolemera mwapadera, chifukwa linali la anthu awiri: wobadwa ndi wobereka. Mwina mayiwo ndiwo ankayamba kuimba foni m'mamawa, n'kubwereza nkhani ya mvula imene inagwa usiku umene ankapita kuchipatala. Chaka chino foniyo siilira. Musaope kuti mumukumbutsa chisoni, iye wadzuka nacho kale.

Tiyerekeze kuti mukulembera mnzanu amene mumaimba naye kwaya. Uthenga ungakhale wotere:

"Achemwali, sindinaiwale kuti lero ndi tsiku lanu. Ndikudziwa kuti ndi loyamba popanda amayi, ndipo mwina simukufuna n'kulimva komwe. Ine ndikukumbukira mmene ankatiumirizira kudya tisanatsanzike. Ndikuthokoza Mulungu kuti munabadwa. Loweruka masana ndibwera ndi ndiwo zophikaphika, ngati simukufuna alendo ndingosiya pakhomo. Musavutike n'kuyankha."

Uthengawu watchula malemuwo poyera, ndi kanthu kamodzi kamene wolembayo anaona ndi maso ake. Kanthu kameneko n'kofunika kuposa mawu onse okoma, chifukwa wofedwa amaopa kuti anthu ayamba kale kuiwala. Mulibe mawu akuti "sangalalani". Kulamula munthu kusangalala n'kumupatsa ntchito imene lero sangaithe. Mulibenso funso loti "muli bwanji?", limene limamukakamiza kusankha pakati pa kunama kuti ali bwino ndi kufotokoza zowawa kudzera pa foni.

Onaninso za Loweruka. Tinazolowera kunena kuti "mukafuna chilichonse mundiuze", koma ndi angati amene amauzadi? Munthu wachisoni alibe mphamvu yoganizira chimene akufuna, ndipo kupempha kumamuchititsa manyazi. Tchulani chinthu, tsiku ndi nthawi, kenako musiyireni mpata wokana. Mukalonjeza, fikani.

Mawu ena ndi abwino pa maliro koma pa tsikuli amalasa. "Limbani mtima" munthu walimva kambirimbiri, ndipo pakapita miyezi limayamba kumveka ngati mukuti wachedwa kutonthola. "Chinali chifuniro cha Mulungu" musiyeni anene yekha akafuna. Ngati ndi wopemphera, muuzeni kuti mwamupempherera m'mawa uno, basi. Ulaliki wa ndime zisanu asiyireni abusa.

Malo otumizira nawonso ali ndi nkhani. Mukalemba pa gulu la kuntchito kapena la kumpingo, anthu makumi atatu atsatira ndi zithunzi za makeke, wina amene sanamve za malirowo afunsanso za phwando, ndipo mnzanuyo akakamizika kuthokoza aliyense. Lemberani iye yekha. Chithunzi chake chakale akuseka musachiike poonekera musanamufunse. Tumizani m'mawa, tsiku lisanamulemere, ndipo ngati mukufuna kumuimbira, yambani mwalemba kuti asankhe yekha kuyankha kapena ayi.

Kwa mnzanu amene ntchito yamuthera, zambiri ndi zomwezi, koma chimene chimamupweteka kwambiri ndi manyazi. Nthabwala yoti "lero utigulira" isiyeni, ndipo funso loti "wapeza kale ina?" lidikire tsiku lina. Ngati mukutumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, nenani kuti ndi mphatso ya tsiku lobadwa, osati thandizo. Tsikuli limakupatsani chifukwa chopereka popanda kumuchepetsa, ndipo iye adziwa yekha ngati ndalamayo ipite ku keke kapena ku mayunitsi a magetsi.

Akawerenga osayankha, sikuti mwalakwitsa, musamutsatire ndi mafunso. Akayankha "zikomo" yekha, zakwana. Akayamba kulemba zambiri za malemuwo, siyani zimene mukuchita mumumvetsere. Koma akanena zoti moyo watopa nawo kapena sakuona chifukwa chokhalira, musathere pa foni: pitani komweko tsiku lomwelo, uzani wachibale amene amamukhulupirira, ndipo mumuperekeze kuchipatala.