Sitetimenti ya kubanki isanalowe mu QuickBooks

Pulogalamu yowerengera ndalama siwerenga sitetimenti ngati munthu. Imangotsata malo: danga loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mukailozera danga lolakwika, imalandira osadandaula, ndipo vuto limadzaoneka pakutha pa mwezi mabuku akakana kugwirizana ndi banki.

Tiyerekeze kuti mwazula manambala mu sitetimenti ya PDF n'kuwaika mu Excel. QuickBooks Online imalandira fayilo ya CSV ya madanga atatu, tsiku, kufotokoza ndi ndalama, kapena anayi, pomwe zolowa ndi zotuluka zimakhala padera. Chotsani dzina la banki, mitu yobwerezedwa patsamba lililonse ndi danga la ndalama zotsala. Ya madanga atatu izioneka chonchi:

```
Date,Description,Amount
03/04/2025,Malipiro a kasitomala,1250000.00
07/04/2025,Lendi ya shopu,-300000.00
30/04/2025,Chindapusa cha banki,-2500.00
```

Onani kuti ndalamazo zilibe K kapena mipatuliro. Mu CSV mpatuliro ndiwo umalekanitsa madanga, choncho 1,250,000.00 yosatsekeredwa m'zizindikiro zogwidwa mawu imaduka patatu: 1, 250 ndi 000.00. Tsegulani fayiloyo mu Notepad muone mmene ilili, chifukwa Excel imakongoletsa zinthu n'kubisa zolakwa.

Pokweza fayilo, pulogalamu imafunsa kuti danga lililonse ndi la chiyani, komanso kuti masiku alembedwa motani. Apa m'pofunika kudekha. Kwathu kuno 03/04/2025 ndi pa 3 Epulo, koma mukasankha `MM/dd/yyyy`, kalembedwe ka ku America, tsikulo lisanduka 4 Malichi. Mzere wa pa 30 udzakanidwa poti kulibe mwezi wa 30, ndipo kukanako n'kukuthandizani. Oopsa ndi masiku a pa 1 mpaka 12, amene amalowa mwakachetechete m'mwezi wolakwika.

Pa madanga anayi, musadalire mawu a Debit ndi Credit okha. Banki imalemba poonera mbali yake: ndalama zimene mwaika imazitcha Credit, pamene m'mabuku anu zimakhala Debit. Pezani mzere umodzi umene mukuudziwa bwino, monga lendi, muone ngati waoneka kuti ndi ndalama yotuluka musanavomereze.

Ine sindikweza fayilo ndisanachite samu imodzi. Ngati mwezi unayamba ndi K500,000, kuphatikiza K1,250,000 n'kuchotsa K302,500 kuyenera kupereka K1,447,500, yofanana ndi yotsala pa sitetimenti. Zikasiyana, kusiyanako kumaloza pamene palakwika. Mukapeza K2,047,500, mwapitirira ndi K600,000. Gawani pawiri, mupeza K300,000: lendi ija yataya chizindikiro chochotsera, yalowa ngati ndalama yolandira. Kusiyana kukafanana ndendende ndi ndalama ya mzere umodzi, mzerewo unatsala pozula, kawirikawiri pamene tsamba limathera, kapena unalowa kawiri.