Intaneti Ikamadukaduka, Yambani Mwafufuza Adaputala

Vidiyo ikaima pakati kapena uthenga ukakana kupita, ambiri amathamangira kudzudzula kampani ya netiweki. Ena amaganiza kuti bandulo yatha, ena amagula rauta yatsopano. Koma nthawi zina chalakwika ndi kabokosi kakuda kamene kali pa soketi, komwe anthu amangokatcha chaja kapena adaputala.

Ntchito ya kabokosika ndi kusandutsa magetsi a m'nyumba, omwe ku Malawi ndi `230V`, kukhala magetsi ochepa ndi odekha amene rauta imafuna. Pa maadaputala ambiri a rauta pamalembedwa `12V 1A` kapena `12V 1.5A`. Nambala yoyamba ndi mphamvu yokankha magetsi, yachiwiri ndi kuchuluka kwa magetsi omwe adaputalayo ingapereke osafooka.

Mkati mwake muli timigolo ting'onoting'ono totchedwa makapasita. Timeneti timasunga magetsi pang'ono, ngati thanki ya madzi ya pamwamba pa nyumba, kotero kuti magetsi akaphethira kwa kanthawi kochepa rauta siimva kanthu. Vuto ndi loti muli timadzi tomwe timauma ndi kutentha, ndipo nthawi iliyonse magetsi akabwera atathima, adaputala imalandira chikhamu cha magetsi mwadzidzidzi. M'dziko limene magetsi amathimathima, kugundidwa kotereku kumachitika kawirikawiri. Chitsanzo ndi chaka cha 2022, pamene namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kudakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri.

Choipa kwambiri n'chakuti adaputala yotopa siifa kamodzi. Nyali za rauta zimayaka bwinobwino, choncho palibe amene amaikayikira.

Titenge kashopu kosindikiza ndi kutumiza makalata pa intaneti, komwe kali ndi rauta ya simu khadi. M'mawa, munthu mmodzi akugwiritsa ntchito, zonse zili bwino chifukwa rauta ikukoka magetsi ochepa. Masana mafoni asanu alumikizidwa, wina akutumiza chikalata chachikulu, ndipo rauta ikulimbana ndi kufikira nsanja ya netiweki yomwe ili patali. Apa rauta imafuna magetsi ambiri, adaputala n'kulephera kuwapereka, `12V` ija n'kutsika. Ikatsika pang'ono, kulumikizana ndi nsanja kumatha kusokonekera n'kuyambiranso, ndiye anthu amangoona kuti intaneti yayamba kukwawa. Ikatsika kwambiri, rauta imazima n'kudziyatsa yokha, waifai n'kusowa pa foni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Zimathekanso kuti vutoli lizibwera ndendende pamene filiji yayamba kulira kapena woyandikana naye wayatsa makina owotcherera zitsulo, poti zimenezi zimagwetsa magetsi a pa waya kwa kanthawi.

Nanga mwini shopu angadziwe bwanji? Choyamba ayang'ane ngati dzina la waifai likusoweratu pa foni nthawi ya vutolo. Netiweki ya kampani ikavuta, dzinalo limakhalapobe, intaneti yokha ndi imene imasowa. Chachiwiri atsegule tsamba la rauta pa adiresi yolembedwa kunsi kwake, monga `192.168.1.1` kapena `192.168.8.1`, n'kupeza pamene palembedwa `Uptime` kapena mawu ofanana nawo. Ngati magetsi sanathime chiyambire m'mawa koma rauta ikuonetsa kuti yangoyaka mphindi 10 zapitazo, ndiye kuti ikudzizimitsa yokha. Adaputala yotentha mopitirira, yofufuma, kapena yolira kamluzu kakang'ono, nayonso ndi yokayikitsa.

Mita yoyezera magetsi imanamiza anthu ambiri pamenepa. Adaputala yotopa ikayezedwa isanalumikizidwe ku rauta imatha kuonetsa `12V` yathunthu, chifukwa palibe chikuikoka. Mayeso abwino ndi kubwereka adaputala ina yomwe ikugwira ntchito, n'kuisiya pa rauta masiku awiri kapena atatu. Kudukaduka kukatha, nkhani yadziwika.

Pogula ina, nambala ya `V` ifanane ndendende ndi ya kale. Ya `A` ikhale yofanana kapena yokulirapo, pakuti rauta imangotenga zimene ikufuna. Koma yocheperapo idzabweretsa vuto lomwe lija. Kamutu kolowa ku rauta kakwane mothina, ndipo kachizindikiro ka `+` ndi `-` kafanane ndi ka pa adaputala yakale. Zotchipa kwambiri, zopepuka ngati mulibe kanthu, n'zofunika kuzipewa, chifukwa zambiri sizipereka zomwe zalembedwapo.

Adaputala yatsopano singathetse kuthima kwa magetsi. Pamenepo chothandiza ndi kabatire ka rauta kogulitsidwa ndi dzina loti `mini UPS`, komwe kamapitiriza kupereka magetsi kwa maola angapo, kapena choteteza chonga cha filiji chomwe chimadikira kaye magetsi akhazikike. Rautayo ichokenso pa ekisitenshoni yogwedera imene imanyamulanso ketulo ndi simbi. Musanataye ndalama pa rauta yatsopano, yesani kaye adaputala ina.