1/8 ndi 1/4: Yaikulu Ndi Iti?

Mwana amene amawerenga manambala bwinobwino akhoza kulemba 1/8 > 1/4 mosakayika konse. Mukamufunsa chifukwa chake, ayankha kuti 8 ndi wamkulu kuposa 4. Mwanayu sakulota. Akutsatira lamulo limene lamuthandiza chiyambire sukulu, koma lamulolo limasiya kugwira ntchito akafika pa mafulakishoni, madesimo ndi manambala ochepera ziro. Ntchito ya kholo kapena mphunzitsi ndi kumupatsa lamulo lina limene silisintha.

Zizindikiro zake ndi ziwiri. Chizindikiro cha > chimawerengedwa kuti "ndi yaikulu kuposa", pamene cha < chimawerengedwa kuti "ndi yaing'ono kuposa". Zinayamba kuoneka m'buku la katswiri wa masamu wa ku Mangalande, Thomas Harriot, limene linasindikizidwa mu 1631 mwini wake atamwalira kale. Mbali yotseguka imayang'ana nambala yaikulu, nsonga imaloza yaing'ono. Ana sachedwa kuzigwira zimenezi. Chovuta ndi kudziwa kuti yaikuluyo ndi iti.

Apa ndi pamene mzere wa manambala umathandiza. Jambulani mzere pansi, ikani ziro pakati, 1, 2, 3 kumanja, ndipo -1, -2, -3 kumanzere. Lamulo ndi limodzi basi: nambala imene ili kumanja kwa inzake ndiyo yaikulu.

Pa mafulakishoni, yambani ndi chinthu chogwirika. Tengani mizimbe iwiri yofanana kutalika, wina muudule zidutswa zinayi zofanana, winawo zisanu ndi zitatu. Mwana akaika chidutswa cha uku pambali pa cha uko, aona yekha kuti ogawana akachuluka, gawo la aliyense limachepa. Choncho 1/8 < 1/4. Nambala ya pansi imanena kuti chinthu chadulidwa magawo angati, ya pamwamba imanena magawo amene tatengapo.

Nanga manambala onse akasiyana, monga 2/3 ndi 3/5? Zidutswa za kukula kosiyana sizingayerekezedwe pongoziwerenga, ndiye poyamba tizifananitse. Tifune nambala imene 3 ndi 5 onse amalowamo popanda chotsala, ndiyo 15. Pa 2/3 tichulukitsa pamwamba ndi pansi pomwe ndi 5, tipeza 10/15. Pa 3/5 tichulukitsa ndi 3, tipeza 9/15. Tsopano zidutswa zafanana, ndipo 10 amaposa 9, kotero 2/3 > 3/5. Ana ambiri amachulukitsa pansi pokha n'kuiwala pamwamba. Mukaona 2/15 m'kope, dziwani kuti ndi pamene pakhota nyani mchira.

Madesimo ali ndi msampha wakewake. Mwana amaona 0.25 ndi 0.3, n'kunena kuti 0.25 ndi yaikulu poti 25 amaposa 3. Mupatseni tepi yoyezera ija amagwiritsa ntchito atelala. Mamita 0.3 ndi masentimita 30, pamene mamita 0.25 ndi masentimita 25. Akaloza malo awiriwa pa tepi, aona kuti 0.3 > 0.25. Polemba, amuzolowere kuwonjezera ziro kumapeto kuti manambala a pambuyo pa kadontho akhale ofanana kuchuluka: 0.30 ndi 0.25. Ziro wa kumapetoyo sasintha kanthu, koma wa pafupi ndi kadontho amasintha zambiri, chifukwa 0.03 ndi masentimita atatu okha. Palinso ana ena amene, atadzudzulidwa kangapo, amayamba kuganiza kuti desimo yaifupi ndiyo yaikulu nthawi zonse. Ayeseni ndi 0.3 ndi 0.35. Akasankha 0.3, ndiye kuti angosinthanitsa lamulo lolakwika ndi linzake.

Manambala ochepera ziro amamveka msanga tikawaona ngati ngongole. Amene ali ndi ngongole ya K700 pa golosale ali pansi kuposa wa ngongole ya K200, choncho -700 < -200. Pa mzere uja, mwana aime pa ziro, ayende mapazi asanu ndi awiri kumanzere, mnzake ayende awiri okha. Woyambayo watalikira kwambiri kumanzere, ndiye kuti -7 < -2. Ziro naye amaposa nambala iliyonse yokhala ndi kamzere kutsogolo.

Zonsezi zikakhazikika, sakanizani mitundu itatuyi. Lembani -2, 0.4, 1/2 ndi -0.5 pa timapepala, mwana atiyale pa mzere. Theka ndi 0.5, ndiye likhala kumanja kwa 0.4, pamene -0.5 akhala pakati pa ziro ndi -1. Yankho ndi -2 < -0.5 < 0.4 < 1/2. Musamangochonga chizindikiro, chifukwa ngakhale wongoganizira amalondola nthawi zina. Mufunseni kuti, "Wadziwa bwanji?" ndipo akuonetseni pa mzere kapena pa tepi asanalembe.